Sola ya mababu atatu: zimene ndaona m'masabata 6 kuno ku Chibavi

(Kamera ili pabalaza, kunja kukuda. Patebulo pali bokosi la batire, wotchi ndi katoni yopanda kanthu. Wowulutsa ayatsa mababu atatu, limodzilimodzi.)

Moni nonse amene mukuonera. Nthawi tsopano ndi 6 koloko madzulo, ndipo ndayatsa mababu onse atatu a sola iyi, imene pakatoni yake analembapo kuti imawala maola 12. Wotchi iyi ikhala pompano, ndipo pulogalamu ino isanathe tiona limodzi nthawi imene mababuwa azime. Solayi ndinagula ndekha pa K95,000 m'sitolo ina pafupi ndi msika waukulu wa Mzuzu m'mwezi wa Meyi, ndipo palibe amene wandilipira kuti ndiyiyamikire.

(Kamera iyandikire patebulo.)

M'katonimo munali panelo ya mawati 10, bokosi la batire lokhala ndi wailesi, mababu atatu a mawati 3 lililonse, ndi nthambo yotchajira foni. Mababuwa amawala bwino kwambiri, ndipo pamenepa sindikudandaula. Limodzi lokha likukwanira pabalaza pano, moti mwana wanga wa Sitandade 7 amawerenga ali pakona paja popanda kutsinzinira maso. Babu lililonse lili ndi swichi yakeyake pa nthambo, chinthu chimene chimaoneka chaching'ono mpaka tsiku limene mwafuna kuzimitsa kuchipinda kokha ena akadali kudya. Chigulireni sitinagulenso kandulo, ndipo mantha aja ogona mwana atasiya kandulo pafupi ndi neti ya udzudzu anatha.

Tsopano tiyeni titembenuze bokosili, chifukwa nkhani yonse yagona pa timalemba iti.

(Chala chiloze pamene palembedwa 12V 7Ah.)

Mukachulukitsa 12 ndi 7 mupeza 84, kutanthauza kuti batireyi ikadzaza ingathe kuyendetsa chinthu cha wati imodzi kwa maola 84. Koma iyi ndi batire ya mtovu, mtundu umodzi ndi ya galimoto ngakhale kuti ndi yomata, ndipo batire yotere imafa msanga mukamaikama mpaka kuuma. Gawo limene mungaligwiritse ntchito tsiku ndi tsiku osaiwononga ndi pafupifupi theka, ndiye kuti 42. Babu limodzi limadya mawati 3, choncho lingawale maola oposa 12, ndipo apa katoni sinaname. Koma mukayatsa onse atatu, mukudya mawati 9, ndipo 42 kugawa ndi 9 sakufika ngakhale pa maola 5. Wolemba katoni anangoiwala kutiuza kuti maola 12 akewo ndi a babu limodzi, kapena tinene kuti anaiwala dala.

Foni ndiye mlendo wodya kwambiri m'nyumba muno. Yanga ili ndi batire ya 5,000 mAh, ndipo kuidzaza kuchokera pansi kumatenga pafupifupi theka la mphamvu imene tawerengera ija. Tsiku lina mlamu wanga anabwera kuchokera ku Luwinga n'kulumikiza foni yake masana ine kulibe, inenso pofika ndinalumikiza yanga, ndipo usiku umenewo nsima tinamalizira ndi tochi.

(Chithunzi cha m'mawa: denga la malata, mitambo yaphimba, kukugwa mawawa.)

Vuto lalikulu, komabe, si la sola yokha ayi, ndi la sola ndi Mzuzu pamodzi. Inu a ku Karonga kapena ku Salima mwina simungalimvetse msanga, koma ife a pamtunda pano tikudziwa mmene Juni ndi Julayi amakhalira: kuzizira, chifunga cha m'mawa, ndi mawawa amene angathe kutchona masiku angapo dzuwa osaoneka. Tsiku la dzuwa labwino, panelo ya mawati 10 imabwezeretsa ndendende zimene mwadya usiku, popanda zotsala zambiri. Kukachita mitambo imangolowetsa pang'ono, ndipo ngongole ya dzulo imakumana ndi ya lero. Sabata yachiwiri ya Juni kunachita mitambo masiku atatu otsatizana, ndipo tsiku lachitatulo mababu atatu anawala ola limodzi ndi theka basi. Amene anasankha kukula kwa panelo iyi sanagonepo ku Mzuzu nyengo yozizira.

Pali zimene ndinachita zomwe zinathandizako. Poyamba ndinangoigoneka panelo padenga mmene malata anapendekera, kuyang'ana kummwera, ndipo kunali kulakwitsa kwanga. Dziko lathu lili kummwera kwa ikweta, choncho m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto. Nditaitembenuzira kumpoto n'kuipendeketsa pang'ono, pafupifupi madigiri 15 kuti madzi ndi fumbi zizitsetsereka, batire inayamba kudzaza msanga pa masiku a dzuwa. Onetsetsaninso kuti nthambi ya mtengo kapena mlongoti wa kanema sukuponya mthunzi pa panelo, chifukwa mthunzi ukaphimba kachigawo kochepa chabe umagwetsa mphamvu ya panelo yonse. Tsoka lake nthambo ya panelo ndi ya mamita 3 okha, moti ndinachita kulipira wamagetsi kuti awonjezere ina. Ndalama imeneyo muiwerengeretu pa mtengo.

(Kamera ibwerere pabalaza. Wotchi ikuonetsa 9 koloko, mababu akadali kuwala.)

Maola atatu adutsa ndipo onse akadali moyo. Podikira, ndikuonetseni zina zing'onozing'ono. Timagetsi tinayi iti timayenera kusonyeza mphamvu yotsala, koma musatikhulupirire masana, chifukwa panelo ikangoona dzuwa tonse timayaka ngakhale batire ili ndi njala. Muzitiyang'ana dzuwa litalowa, mababu atayaka kwa mphindi zingapo. Polowetsa nthambo ya foni ndi pogwedera, tamverani.

(Agwedeze nthambo, foni ilire kuti yasiya kutchaja, kenako ilirenso.)

Wailesi imagwira bwino, koma imachita phokoso mukamatchaja foni nthawi yomweyo. Babu limodzi linapsa sabata yachitatu. Kusitolo anandisinthira popanda kulipira chifukwa lisiti ndinasunga, ngakhale kuti ndinayenda maulendo awiri, woyamba atandiuza kuti bwana atuluka.

(Mayi a kunyumba alowe ndi mbale.)

Wowulutsa: Mayi, inu ndi amene mumakhala nayo nthawi yaitali kuposa ine. Mungawauze chiyani anzathuwa?

Mayi: Ine kukhitchini ndikuona bwino, bambo, ndipo magetsi akazima sindithamanganso kukagula kandulo. Koma mafoni anuwo muzikatchaja kuntchito.

Mwamva nokha. Ngati mukufuna kuwala kwa madzulo, kuti ana awerenge ndiponso chakudya chiphikidwe poyera, solayi ikuthandizani, bola muzizimitsa babu la m'chipinda chimene mulibe munthu. Ngati muli ndi kaokala kamene mumatseka 9 koloko, ikukwanirani miyezi yambiri ya pachaka. Koma ngati cholinga chanu ndi kutchajitsa mafoni a anthu kuti muzipeza ndalama, kapena kuonera kanema, sungani ndalama zanu mpaka zikwane panelo ndi batire zokulirapo. Ineyo ndikanati ndigulenso, ndikanafunsa kaye ngati bokosili lingalandire panelo ya mawati 20, ndipo ndikanapempha kuti ayatse mababu onse ndili pompo m'sitolo.

(Chithunzi chifulumizidwe. Mababu azime onse nthawi imodzi. Wowulutsa ayatse tochi ya foni n'kuunika wotchi.)

Azima. Nthawi ndi 10:20, ndiye kuti awala maola anayi ndi mphindi 20, ndipo lero kunali dzuwa tsiku lonse. Solayi ndiisunga mpaka Okutobala, dzuwa likadzafika poswa mtengo, ndipo ndidzaiyesanso pa tebulo lomwe lino ndi wotchi yomweyi kuti tidzaone ngati batire idzakhale isanafooke. Inu amene muli nayo kale ku Katoto, ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo, ndiuzeni maola amene yanu imawala m'mwezi wa Julayi. Gonani bwino.