Dongosolo la chimangirizo: Kodi banki yaikulu iziyang'ana mitengo yokha, kapena izisamalanso za ntchito ndi kulimba kwa mabanki?

Chimangirizochi chikhala cha mawu 2,500, ndipo mfundo yomwe ndiimire ndi yakuti banki yaikulu iziika patsogolo kukhazikika kwa mitengo, ipatsidwenso mwalamulo udindo woteteza mabanki kuti asagwe, koma nkhani ya ntchito izibwera pambuyo pa ziwirizi. Ndime yoyamba ingolongosola zolinga zitatuzi mwachidule.

M'gawo loyamba ndipereka maganizo a omwe amati cholinga chikhale chimodzi. Ndiyamba ndi zomwe katswiri wa zachuma Phillips anapeza mu 1958, zoti malipiro ankakwera msanga ulova ukachepa, kenako yankho la katswiri wina, Friedman, la mu 1968 loti anthu akazolowera kukwera kwa mitengo amayamba kukuyembekezera, moti ulova umabwerera pomwe unali pamene mitengo ikukwerabe. Zitsanzo zikhala New Zealand, yomwe mu 1990 inayamba kulengeza mlingo wa kukwera kwa mitengo womwe banki ikufuna, ndi banki yaikulu ya ku Ulaya, yomwe pangano la Maastricht la 1992 linailamula kutsogoza mitengo. Ubwino wake ngwakuti banki ikalephera, aliyense amaona.

Gawo lachiwiri likhala la ntchito. Kuyambira 1977 lamulo la ku America limauza banki yaikulu kusamala mitengo ndi ntchito zomwe, komabe pamene Volcker, mkulu wa bankiyo pa nthawiyo, anakweza chiwongola dzanja, ulova unaposa 10 peresenti mu 1982. Pano sindifuna kulemba ngati manambala okha, chifukwa chiwongola dzanja chikakwera pali mwini fakitale amene amalephera kubweza ngongole n'kuchotsa antchito. Ndinena kuti ntchito zizitsogolera liwiro lomwe banki ikutsitsira kukwera kwa mitengo, makamaka ngati kwadza chifukwa cha kudula kwa mafuta, komwe chiwongola dzanja sichingakuthetse. Nditchulanso kuti New Zealand inawonjezera cholinga cha ntchito mu 2018 n'kuchichotsa mu 2023.

Gawo lachitatu ndilo litenge malo aakulu. Mavuto a zachuma a 2008 asanabuke, mitengo ya katundu wa tsiku ndi tsiku inkaoneka yodekha pamene ngongole za nyumba zinkachuluka mopitirira muyeso, ndipo mabanki atagwedezeka anthu miyandamiyanda anataya ntchito. Potsatira mfundo ya katswiri wa zachuma Tinbergen yoti cholinga chilichonse chimafuna chida chake, ndionetsa kuti udindowu usadalire chiwongola dzanja, koma malamulo okhudza mpamba womwe mabanki ayenera kusunga ndi malire a ngongole zomwe angapereke.

Ndisanamalize ndiyankha chitsutso chomwe chimandivuta kwambiri, choti akuluakulu a banki sasankhidwa pa chisankho, ndiye kuwachulukitsira maudindo n'kuwapatsa mphamvu zambiri zopanda wozilondoloza. Yankho langa likhala loti nyumba ya malamulo ilembe zolingazo motsatana kufunika kwake, ndipo gavanala wa banki yaikulu azikaonekera pamaso pa aphungu kukafotokoza chomwe wasankha pamene zolingazo zatsutsana.