Dongosolo la vidiyo ya maumboni: lipoti la chaka la ntchito ya mijigo ku Angonia

Kwa wojambula, wofunsa mafunso, womasulira, wodula vidiyo ndi mlangizi wa m'midzi. Kuchokera ku gulu lolemba lipoti, ofesi ya ku Ulongwe.

Vidiyo iyi ipita limodzi ndi lipoti la chaka kwa amene amathandiza bungwe lathu. Ikhala ya mphindi 3, osapitirira, ndipo iyankha funso limodzi: mijigo imene tinakonza m'midzi ya ku Domwe yasintha chiyani, nanga chikuvutabe n'chiyani? Chimene sichikuyankha funsoli musajambule, ngakhale chikhale chokongola.

Olankhula

Atatu okha: mayi amene amatunga pa mjigo tsiku ndi tsiku, msungichuma wa komiti ya madzi, ndi mmisiri wokonza mijigo. Mmodzi mwa atatuwa achokere kumudzi uja kumene mjigo unafanso m'dzinja n'kukhala masabata osagwira. Tikabisa zimenezo, lipoti likhala lotsatsa malonda.

Mlangizi ayambe wakaonekera kwa a mfumu ndi a sekeletale, monga mwa ulemu wake, koma asawasiyire kusankha anthu. Munthu woitanidwa ndi a mfumu sakana, ndipo amabwera atadziwa kale kuti ayenera kuyamikira. Nkhani ilengezedwe pamsonkhano wa komiti, ofuna adzipereke okha, kenako aliyense tikamupeze payekha. Mwana wosakwana zaka 18 safunsidwa mafunso mu vidiyo iyi. Akaoneka pachithunzi, aoneke patali, atavala bwino, kholo lake litavomera, ndipo dzina lake kapena la sukulu yake lisatchulidwe.

Chilolezo

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique, pa ndime 41, amateteza mbiri ya munthu, chithunzi chake ndi moyo wake wamseri. Koma chidindo cha chala pa pepala la Chipwitikizi limene munthu sanalimve si chilolezo. Tipempha katatu: sabata imodzi tisanajambule, tsiku lojambula, ndiponso vidiyo itadulidwa. Ulendo woyamba tipite opanda kamera, opanda galimoto yolembedwa dzina la bungwe, ndipo wofunsa anene mawu awa m'Chinyanja:

"Amayi, tikupempha kuti tikujambuleni mukufotokoza za mjigo. Vidiyoyi idzaonedwa ndi anthu a ku Tete, ku Maputo ndi kunja kwa dziko. Mukavomera kuti iikidwenso pa intaneti, a m'mudzi muno ndi abale anu a ku Malawi angathe kuiona pa foni, ndipo ikafalikira sitingathe kuibweza yonse. Mukakana, palibe chimene chisinthe: mjigo ndi wanu, thandizo lipitirira. Funso limene simukulifuna musayankhe. Mukafuna kudandaula, dandaulani. Musatiyankhe lero; kambiranani ndi a kunyumba, tidzabweranso."

Pa fomu pali mafunso anayi osiyana, lililonse ndi yankho lake: nkhope ioneke kapena ayi, dzina litchulidwe lonse, loyamba lokha kapena ayi, mudzi utchulidwe kapena ayi, vidiyo ithere m'lipoti kapena ipitenso pa Facebook ndi WhatsApp. Amene salemba avomere ndi pakamwa, tijambule mawu ake pamaso pa mboni imene wasankha yekha. Tisiye pepala lokhala ndi nambala ya ofesi kuti akasintha maganizo atiuze.

Umboni sitigula. Chakudya chamasana ndi ndalama ya mayendedwe n'zofanana kwa onse, ndipo auzidwe poyamba pomwe kuti adzalandira ngakhale atasiyira pakati kapena kutidzudzula.

Mafunso

Munthu aliyense mphindi 15 mpaka 20. Wofunsa akhale pansi, maso ake ndi a wolankhula akhale pamsinkhu umodzi, ndipo mayi afunsidwe ndi mayi mnzake.

Madzi munkatunga kuti kale, ndipo tsiku lanu linkayenda bwanji?
Lero mwatunga nthawi yanji, ndani wapita?
Mjigo utafa, munachita chiyani?
Ndalama ya komiti imasonkhedwa bwanji, nanga amene alibe amatani?
Chimene bungwe silinachite bwino n'chiyani?
Pali chimene sitinafunse choti anthu amve?

Osafunsa kuti "Mukusangalala, eti?" Yankho lake ndi "inde" basi, ndipo mawuwo ndi athu, si awo. Akasiya kulankhula, werengani mpaka zisanu mumtima musanafunse china. Nthawi zambiri mawu abwino amatuluka pamenepo. Nkhani ya maliro, matenda kapena nkhanza ikabuka, zimitsani kamera, mufunse ngati akufuna kupitiriza. Misozi sitiifunafuna.

Kujambula

Masiku awiri m'sabata yachiwiri ya Julaye, misewu itauma, anthu atamaliza kukolola. Kuno mwezi umenewo kumazizira ndipo kumaomba mphepo, choncho tiyambe cha m'ma 8, tisiye dzuwa likafika pamutu chifukwa limadetsa m'maso, tiyambirenso cha m'ma 3. Wolankhula akhale pamthunzi, asapenye dzuwa.

Chimene chimaononga mavidiyo otere kawirikawiri ndi mawu, si chithunzi. Maikolofoni yapachifuwa ikhale masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, itavekedwa kaubweya kotchinga mphepo, isakhudzane ndi nsalu kapena mikanda. Wojambula asavule zomvetsera m'makutu. Mawu akwere mpaka pafupi -12 dB. Akafika pa 0 amasweka ndipo sakonzeka. Khalani kutali ndi chigayo ndiponso ndi mjigo weniweniwo, pakuti chogwirira chake chimalira. Pomaliza jambulani masekondi 30 a chete wa pamalopo, wodula adzawafuna polumikiza. Kamera ikhale yopingasa pa miyendo itatu, 1080p, mafelemu 25 pa sekondi. Mabatire atatu ndi makadi awiri. Musadalire kukatchaja kumudzi.

Zithunzi zothandizira, chilichonse masekondi 10 osagwedeza: manja akupopa, ndowa ikudzaza, buku la komiti (maina ataphimbidwa), zida za mmisiri. Osauza munthu kuvula nsapato, kuvala sanza kapena kukatunganso kudambo kumene anasiya kale. Akafuna kusamba n'kuvala chitenje chake chatsopano, mudikireni.

Kudula

0:00 mpaka 0:15, mudzi ndi mawu olembedwa onena malo ndi ntchito. Mayi wotunga madzi masekondi 50, msungichuma 45, mmisiri 45. Masekondi 25 omaliza ndi a manambala, otengedwa m'lipoti momwemo osati m'mutu.

Kufupikitsa ndi pamene bodza limalowera mosaoneka. Mayi akati madzi ali pafupi tsopano koma mzere ndi wautali, "koma" ameneyo sadulidwa. Osalumikiza theka la yankho lina ndi theka la linzake ngati chiganizo chimodzi. Womasulira ayambe walemba zonse m'Chinyanja, kenako amasulire m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi, ndipo munthu wachiwiri wa kuno afananize, chifukwa mawu aulemu ngati "tingothokoza" akamasuliridwa mopupuluma amamveka ngati munthu wakhutira pamene sanakhutire. Mawu apansi pa chithunzi asapitirire mizere iwiri ndi zilembo 42 pa mzere. Liwu la mwiniwake limveke. Osaliphimba ndi la wina kapena ndi nyimbo yachisoni.

Kubwerera kumudzi

Vidiyo isanatumizidwe kwa aliyense, mlangizi aipititse kwa atatuwo. Aliyense aone payekha, amuwerengere zimene mawu apansi akunena, ndipo amufunse: "Izi ndi zimene munkatanthauza?" Chimene wakana chichotsedwe popanda kumunyengerera. Msungichuma afunsidwenso ngati kutchula za ndalama sikumuika pangozi ya akuba. Ngati akukayika, malo osungira ndalama ndi kuchuluka kwake zisamveke.

Zojambula zonse zikhale pa kompyuta ya ofesi ndi pa disiki imodzi yokhomeredwa, mafomu asungidwe kwina. Pa foni za antchito pasatsale kanthu. Chilolezo ichi ndi cha zaka ziwiri. Zikatha, kapena tikafuna kugwiritsa ntchito vidiyoyi popempha ndalama zina, tikapemphenso kwa eni ake.