Kufotokoza Fomu ya Viza ya Schengen Imene Mwanditumizira

Azakhali,

Zithunzi mwanditumizira zija za fomu ya viza ya Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, ndaziona, ndipo ngakhale tsamba lachiwiri linajambulidwa pa mdima pang'ono, manambala onse akuwerengeka. Mukhale ndi pasipoti yanu pambali pamene mukudzaza, chifukwa chilichonse chimene mulembe chiyenera kufanana ndi zimene zili m'menemo. Mulembe mu Chingerezi ndi zilembo zazikulu, ndipo danga la kudzanja lamanja lolembedwa kuti "For official use only" musalikhudze, ndi la ogwira ntchito ku ofesiko.

Nambala 1 ikufuna dzina la banja monga lilili mu pasipoti, lomwe kwa inu ndi la malemu amuna anu. Nambala 2 ndi dzina la bambo anu limene munabadwa nalo musanakwatiwe, ndipo 3 ndi maina anu oyamba onse, motsatana momwe alembedwera. Chonde musalembepo Naphiri, ngakhale kuti tonse timakuitanani motero, popeza pasipoti silidziwa dzinalo. Pa 4 muyambe ndi tsiku, kenako mwezi, kenako chaka. Pa 5 mukopere malo obadwira mu pasipoti, omwe ndi Dedza, osati mudzi wa kwathu. Pa 6 ndi Malawi, pa 7 ndi "Malawian", pa 8 muchonge "Female" ndipo pa 9 "Widow(er)", kutanthauza wamasiye. Nambala 10 ndi ya ana aang'ono, muidumphe, koma pa 11 mulembe nambala ya chiphaso chanu cha unzika.

Kuyambira 12 mpaka 16 akufunsa za pasipoti: mtundu wake, womwe ndi "Ordinary passport", nambala yake, tsiku limene inaperekedwa, tsiku limene idzathe ntchito, ndi dziko limene linaipereka. Muonetsetse kuti ikhala ikugwirabe ntchito kwa miyezi itatu kuchokera tsiku limene mudzachoke ku Ulaya, komanso kuti ili ndi masamba awiri opanda chidindo. Nambala 17 ndi 18 sizikukukhudzani, chifukwa mwana wanu ndi apongozi anu akadali nzika za Malawi. Pa 19 ndi adiresi yanu ya ku Area 25 ndi foni, pa 20 muchonge "No", pa 21 mulembe "Retired teacher", ndipo 22, ya okulembani ntchito, sikukukhudzani poti munapuma.

Tsamba lachiwiri ndi limene anthu amasokonezekerapo. Pa 23 muchonge "Visiting family or friends" pokhapo, ndipo pa 24 mufotokoze mwachidule kuti mukukaona mwana wanu ndi mdzukulu wobadwa kumene. Musalembe kuti mukukalera mwana, chifukwa wowerenga akhoza kumva ngati mukukagwira ntchito. Nambala 25 ndi dziko limene mukakhalitseko, lomwe ndi Sweden, pamene 26 ndi dziko la Schengen limene mudzayambe kulowamo. Tikiti imene mwasungitsa ikuchokera ku Kamuzu International Airport kudzera ku Addis Ababa ndi Frankfurt kukafika ku Gothenburg, choncho pa 26 mulembe Germany, popeza ndi kumene pasipoti yanu ikaunikidwe polowa. Pa 27 muchonge "Single entry" ndi kulemba masiku ofikira ndi obwerera monga alili pa tikitiyo. Viza imeneyi siilola kupitirira masiku 90 m'kati mwa masiku 180 alionse, ndiye masabata asanu ndi limodzi mwakonzawo ali bwino.

Pa 28 akufunsa ngati anakutenganipo zidindo za zala pofunsira viza ya Schengen; yankho ndi "No", ndipo n'chifukwa chake muyenera kukaonekera nokha. Mudumphe 29 ndi 31. Pa 30 mulembe dzina, adiresi ndi foni ya mwana wanu monga zilili pa kalata yokuitanani.

Nambala 32 ili ndi mbali ziwiri, ya wodzilipirira yekha ndi ya wolipiriridwa. Ndikudziwa kuti simukonda kuoneka ngati wodalira ana, koma penshoni yanu siingafanane ndi mtengo wa moyo wa kumeneko, ndipo amene akulipira zoonadi ndi mwana wanu. Muchonge "by a sponsor", kenako "referred to in field 30 or 31" ndi "All expenses covered during the stay".

Ndime zazitali za kumapeto zikunena kuti mukudziwa kuti ndalama ya viza, yomwe ndi mayuro 90, sibwezedwa mukakanidwa, kuti zimene mwalemba ndi zoona, ndiponso kuti mudzabwerera viza isanathe. Padera mudzafunika inshuwalansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000. Mulembe Lilongwe ndi tsiku, musaine monga munasainira mu pasipoti, ndipo mukamaliza mujambulenso masamba onse pabwalo masana kuti ndione musanakapereke.

Ndine mwana wanu wa ku Kawale.