Yankho pa vocha imene mwapereka: oda nambala 48213

Okondedwa a nthambi yoona madandaulo a makasitomala,

Ndalandira imelo yanu ya pa 18 Marichi, momwe mwati mundipatsa vocha m'malo mwa ndalama zimene ndinalipira pogula makina ochapira zovala. Zikomo poyankha msanga komanso povomera kuti vuto silinachokere kwa ine. Koma vochayo sindikuilandira. Nambala yake sindinaigwiritse ntchito, choncho ifafanizeni, ndipo kufika kwake mu imelo yanga kusatengedwe ngati kuti tagwirizana.

Makinawa anafika pa 4 Marichi ndipo anakana kuzungulira tsiku loyamba lomwelo. Mmisiri wanu anabwera pa 9 Marichi n'kulemba kuti mota ndi yakufa kuchokera kufakitale. Pa 12 Marichi munadzawatenga. Pano katunduyo ali kwa inu, ndalamanso zili kwa inu.

Ndikuona kuti mwawonjezera 10 peresenti pa vochayo, koma zimenezi sizikuthetsa vuto langa. Vochayo ikutha mphamvu pakapita miyezi 6, ikugwira ntchito m'sitolo yanu yokha, ndipo malamulo ake akuti igwiritsidwe ntchito kamodzi, zotsala zonse n'kutayika. Munandiuzanso kuti makina a mtundu womwewo atha ndipo simukudziwa tsiku limene ena adzafike. Banja silingakhale osachapa, n'chifukwa chake ndagula kale makina kwina. Palibe chinthu china cha mtengo wotere chimene ndikufuna kwa inu panopa.

Chimene ndikupempha n'chakuti mubweze mtengo wonse wa makinawo pa khadi lomwe ndinalipirira, lothera ndi 7052, pasanathe masiku 14 kuchokera lero. Kuti nkhaniyi ithe mwamtendere, ndikulolera kuti ndalama ya mayendedwe ndi ya kulumikiza makinawo, ziwiri zokhazi, mundipatse ngati vocha, bola ikhale ya miyezi 12 ndipo ndithe kuigwiritsa ntchito kangapo mpaka itatha. Pa mtengo wa makinawo sindichotsapo kanthu, ndiponso sindilola kudulidwa ndalama yobwezera katundu m'nyumba yosungiramo, poti anabwera ali owonongeka kale.

Mukavomera, ndilembereni kuchuluka kwa ndalama zimene mwabweza, tsiku limene mwazitumiza, ndi nambala ya malipirowo imene banki yanga ingafufuzire zikachedwa kuoneka. Ngati amene mukuwerenga kalatayi mulibe mphamvu yovomereza, chonde iperekeni kwa akuluakulu anu n'kundiuza udindo wa amene akuiona.

Ndidikira yankho lolembedwa mpaka pa 26 Marichi. Likapanda kubwera, kapena likabweranso ndi vocha yomweyo, ndikadandaula kubanki yanga kuti itsutse malipirowa, chifukwa mabanki amaika malire a nthawi pa madandaulo otere ndipo sindikufuna kuti andipitirire.

Ndaphatikiza lisiti, lipoti la mmisiri wanu ndi chikalata chimene dalaivala anasaina potenga makinawo.

Ine kasitomala wanu,
Mwini oda nambala 48213
20 Marichi