Chipatala cha Pachulu

Foni inati kwatsala makilomita 23, ulendo wa mphindi 50. Inatero 9 koloko m'mawa, ndipo ine ndinakhulupirira.

Chipatala chimenecho chinali chomaliza pamndandanda wanga wa kafukufuku. Ntchito yake ndinali nditaizolowera: kuona ngati filiji ya katemera ikuzizira pakati pa madigiri 2 ndi 8, kuwerenga mankhwala a malungo ndi zoyezera magazi n'kufananitsa ndi zolembedwa pamakadi, kutsegula kaundula wa amayi oyembekezera, kenako kuima pakhomo n'kudina batani kuti foni ilembe malo enieni pomwe chipatalacho chili. Mapu ndinali nditawasunga m'foni usiku wake, podziwa kuti netiweki ikatithawa panjira. Kadontho kabuluu kosonyeza pomwe munthu waima sikafuna netiweki, kamamvera masetilaiti akumwamba. Zimenezi ndinkazifotokoza monyada kwa aliyense wofunsa, ngakhalenso wosafunsa.

"Achemwali, kumeneko ine sindinapondeko," anatero mnyamata wa njinga yamoto akundipatsa chipewa.

"Musade nkhawa achimwene. Foni ikukudziwa."

Makilomita 10 oyamba foni inaonekadi kuti ikukudziwa. Kenako inati tikhotere kumanzere, pomwe panali munda wolimidwa bwinobwino, mizere yake yodutsa pamene mzere wa pamapu unkadutsa. Tinazungulira. Tinafunsa bambo wina amene ankakonza mpanda, iye n'kuloza kuphiri ndi mlomo, koma foni inkaloza kumtsinje. Ndinasankha foni. Bamboyo anatiyang'ana mpaka titabisika.

Pamtsinje mapu ankaonetsa msewu wowoloka mosadukiza. Amene anaujambula ayenera kuti anaona chithunzi chojambulidwa m'chilimwe, mtsinje uli mchenga wokhawokha. Ife tinapeza madzi ofika m'mawondo. Ndinavula nsapato, ndinasenza chikwama pamutu, mnyamatayo akukankha njinga uku akuiyankhula ngati mwana wodwala. Kutsidya inakana kulira kwa theka la ola. Dzuwa linali litafika paliwombo, batire ili pa 31 peresenti, chifukwa foni yoyaka tsiku lonse ikufufuza netiweki imadya moto ngati ng'anjo.

Cha m'ma 1 koloko kadontho kabuluu kanakhudza kachizindikiro kofiira. Foni inati tafika.

Panali chulu chachikulu, mtengo umodzi, ndi miyala itatu yosalala ngati imakhalidwa. Nyumba ayi. Ngakhale njerwa yosweka panalibe.

Mnyamatayo anazimitsa njinga, anavula chipewa, n'kuyang'ana uku ndi uku mwaulemu kwambiri.

"Kapena odwala anachira onse, achemwali. Chipatala n'kutseka."

Sindinaseke. Ndinakwera pachulupo potsata kanjira kopondeka kuti mwina ndiona denga la malata patali. Ndisanafike n'komwe pamwamba, foni inayamba kunjenjemera m'manja, mauthenga a m'mawa wonse akulowa mothamangitsana. Womaliza unali wa abwana: Mwafika? Ndinauyang'ana nthawi yaitali. Kunena zoona, maganizo anandifikira. Fomu ndinkaidziwa pamtima, kadontho kanali pamalo oyenera, ndipo ku ofesi palibe akanadziwa. Ndinakhala pamwala, ndikudzida chifukwa cha maganizowo.

Apo m'pamene ndinaona mayi akutuluka m'thengo, atavala yunifolomu yoyera ndi nsapato zamatope, m'manja atanyamula jumbo. Anatipatsa moni, anakwera pachulu osapumira, n'kuyamba kutulutsa mafoni m'jumbomo. Asanu. Anawayala pamwala ngati akuwayanika, onse n'kuyamba kulira.

"Pepani amayi," ndinatero, "tikufuna kuchipatala."

"Mwachipeza theka," anayankha osadzutsa mutu. "Theka linalo lili kuseri kwa phiri ilo, makilomita anayi. Inu ndinu a kafukufuku? Tinakudikirani dzulo."

Anali anamwino, okhawo pachipatalapo sabata imeneyo. Mafoni enawo anali a odwala ogonekedwa ndi owadikirira, amene amawatuma kuti akawatengere mauthenga. Ndinawaonetsa kachizindikiro kofiira kaja. Anakayang'ana, kenako anaseka mpaka kugwira pachifuwa.

"Ameneyo ndine! Zaka ziwiri zapitazo anandiimbira a ku ofesi, amvekere sisitala, titumizireni pomwe muli tiike chipatala chanu pamapu. Ndiye ine ndinali pati? Foni yawoyo ndikanailandirira kuti, ngati si pano? Ndinadina, ndinatumiza, anathokoza."

Anasiya kuseka pamene ankabwezera mafoni m'jumbo.

"Galimoto yobweretsa batire ya filiji inafika pano kawiri. Kawiri konse inabwerera nayo. Analemba kuti chipatala sichikupezeka."

Njinga tinaisiya ndi mwini wake pansi pa mtengo, chifukwa kanjira kotsalako kanali ka miyendo. Anamwino ankatsogola, ine pambuyo, foni ili m'thumba. Kamodzi kokha ndinaitulutsa. Kadontho kabuluu kankayenda pamalo oyera opanda mzere uliwonse, ndipo mawu anali pamwamba ondiuza kuti ndibwerere.

Chipatalacho chinali cha zipinda zinayi, chosesedwa mpaka pansi pa mabenchi. Makadi a mankhwala anagwirizana ndi zomwe ndinawerenga pashelefu, mbewu ndi mbewu, chinthu chimene sindinachipeze m'zipatala zina za m'mbali mwa tala. Filiji inali pa madigiri 6 masanawo, sola ikugwira. Koma papepala lomata pachitseko chake, pomwe amalemba kawiri patsiku, manambala a m'mawa anali 11, 12, 11, 13, mwezi wonse. M'katimo munalibe kanthu.

"Katemera sindisunganso muno," anatero. "Usiku imafunda. Amabwera nawo m'bokosi la ayisi tsiku la sikelo, otsala amabwerera tsiku lomwelo. Mtsinje ukadzaza, ana amadikira mwezi wina."

Ndinalemba zonse. Kenako ndinatuluka, ndinaima pakhomo penipeni, kutali pang'ono ndi denga kuti foni ione kumwamba, n'kudina batani. Manambala osonyeza kuti foni ingaphonye malowo ndi mamita angati anayamba kusinthasintha, mamita 40, mamita 18, mamita 9. Ndinadikira mpaka anafika pa 5. Batire inali pa 7 peresenti.

Anamwino anaima pambali panga akusuzumira.

"Ndiye chakalecho muchifufuta?"

"Eya. Tsopano galimoto izidzafika pano."

"Idzadutsa pati, mwanangu? Njira mwaiona nokha." Anapukuta manja payunifolomu. "Batireyo akanangoimika galimoto pachulu n'kuliza hutala, tikanapita ndi anyamata kukaisenza. Ambulansi nayo imatidikira pomwepo, mayi akavutika pobereka timamunyamula pamachira mpaka pachulu. Dalaivala wakale amadziwa. Koma akabwera watsopano usiku, mapu anuwo n'kumuuza kuti chipatala chili kuseri kwa phiri, adzayamba kufuna msewu umene kulibe, ife tili pachulu ndi mayi akutaya magazi."

Ndinayang'ana fomu. Funso la malo linali ndi bokosi limodzi lokha. Pansi penipeni panali kabokosi kena ka ndemanga, kamene m'zipatala zonse zija ndinkangokadumpha. Ndinayamba kulembamo ndi zala ziwiri, mofulumira: kuti manambala akalewo ndi pothera msewu wa galimoto, kuti dalaivala aime pachulu, akwere, aimbe foni kapena alize hutala, kuti batire ya filiji ikudikiridwabe. Ndinasunga. Inali pa 4 peresenti.

"Zapita?" anafunsa anamwino.

"Zasungika. Kuti zipite mpaka netiweki."

Anandipatsa jumbo ija, mafoni asanu ali momwemo.

"Poti mukupita komweko. Mukawayale pamwala, mwana akutsatirani kudzawatenga. Koma yendani ndithu, yanuyo isanazime."