Kalata yopepesa chifukwa cha kuchedwa kwa malata anu

Okondedwa Bambo Phiri,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mayi ndi ana kumeneko ku Mkanda. Kuno ku boma tilipo.

Ndalemba kalatayi kuti ndipepese. Malata 42 a geji 28 amene munalipira pa 3 Novembala ndinalonjeza ndi pakamwa panga kuti afika pakhomo panu pa 8, koma afika pa 19. Pepani kwambiri bambo, ndakulakwirani.

Lole imene timaitanitsira katundu ku Lilongwe inafera pa Namitete, ndipo inakhala pamenepo masiku anayi kudikira chitsulo cha giyabokosi. Itafika kuno tinapeza kuti atipakirira malata a mafiti 10, pamene inu munagula a mafiti 12. Ndinawabweza, chifukwa ndinadziwa kuti mmisiri wanu anali atakhoma kale mitengo ya denga poyezera malata aataliwo.

Koma za lole zisandiphimbe. Cholakwa changa chachikulu n'chakuti ndinangoti zii, osakuimbirani foni, mpaka munachita kupalasa njinga kudzandifunsa, lisiti lili m'manja. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, koma apa woyenera kudzuka ndinali ine. Tsiku lililonse ndinkati mawa afika, ndikuimbirani nditanyamula nkhani yabwino. Mnyamata amene anabweretsa katunduyo wandiuza kuti mvula ya sabata yatha inapeza nyumba ili yosafolera, ndipo pulasitala wa chipinda chimodzi wakokoloka. Zimenezi zandichititsa manyazi.

Tsono ndachita izi. K45,000 ya mayendedwe ija ndaibweza m'mawa uno pa nambala ya foni imene munalembetsa pa lisiti, chonde muone ngati yalowa. Loweruka likubwerali ndikutumizirani matumba awiri a simenti okonzera khoma lija, osalipira kanthu. Mmisiri wanu awerengenso malatawo limodzilimodzi. Lililonse lopindika kapena lokalika musalikhome, lisungeni pambali tidzasinthe tsiku lomwelo.

Munanena kuti mukagulitsa soya ndi mtedza mudzafuna mafelemu a mawindo, zitseko ndi penti. Sindingakukakamizeni, ndalama ndi zanu ndipo masitolo pa Mchinji pano ndi ambiri. Koma mukatipatsanso mwayi, simudzalipira kalikonse mpaka katundu atatsitsidwa pakhomo panu, mwamuona ndi maso. China chikadzavuta panjira mudzamva kwa ine tsiku lomwelo, osati kwa dalaivala.

Mwakhala mukugula kwa ife kuyambira pa simenti ya maziko a nyumba imeneyi, ndipo ndikufuna ndidzaione itatha. Mukabwera ku boma mudzadutse kusitolo kuno ndidzapepese pamaso.

Mundiperekereko moni kwa mayi, muwauze kuti nawonso ndawapepesa.

Ine wanu,
Nabanda
Mwini sitolo ya zipangizo zomangira, Mchinji Boma