Pempho lokonzanso ndondomeko yobwezera ngongole yanga ya ulimi wa nkhuku

Kwa: A Manijala, nthambi ya ku Malangalanga, Lilongwe
Kuchokera kwa: Esnati Chimwala, Likuni
Tsiku: 8 Julayi 2024

Wolemekezeka a Manijala,

Ndikukulemberani kupempha kuti tikhale pansi ndi kukonzanso kabwezedwe ka ngongole yomwe ndidatenga kubanki yanu mu Malichi 2023, ya pa akaunti yomwe nambala yake imathera ndi 4417. Sindikupempha kuti mundikhululukire ngongoleyi ngakhale tambala imodzi. Ndidzabweza yonse pamodzi ndi chiwongoladzanja chake. Chomwe ndikupempha ndi nthawi, komanso kuti ndalama yobweza pamwezi itsike kufika pomwe bizinesi yanga ingakwanitse.

Mmene ngongoleyi ilili lero:

1. Ndalama yomwe ndidabwereka: K18,000,000, yobweza pa miyezi 36.
2. Ntchito yake: kumanga makola awiri ku Mpingu, kukumba mjigo, ndi kugula anapiye a nkhuku za mazira pamodzi ndi chakudya chawo.
3. Yobweza pamwezi: poyamba inali K706,000, pano ndi K760,000 chifukwa chiwongoladzanja chidakwera.
4. Kuyambira Epulo 2023 mpaka Epulo 2024 ndidabweza mwezi ndi mwezi osadumphitsa.
5. Mu Meyi ndi mu Juni chaka chino ndakwanitsa K400,000 yokha pamwezi, choncho ndatsalira ndi K720,000.
6. Yotsala yonse malinga ndi sitetimenti ya kumapeto kwa Juni: K12,800,000.
7. Chikole: nyumba yanga ya ku Likuni, yomwe mapepala ake ali m'manja mwanu.

Zomwe zandigwetsa m'mavuto mukuzidziwa kale, popeza sindine ndekha, koma ndifotokoze mmene zafikira m'khola mwanga. Pomwe ndinkasaina mapepala a ngongoleyi, chiwongoladzanja chomwe Banki Yaikulu imabwereketsera mabanki chinali pa 18 peresenti. Pofika Febuluwale chaka chino chinali chitafika pa 26 peresenti, ndipo changa chidakwera nacho limodzi. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti. Katemera, mavitamini ndi zina zosakaniza m'chakudya cha nkhuku zimachokera kunja, motero mitengo yake idalumpha sabata yomweyo. Kenako kudabwera ng'amba ya El Nino, yomwe idachititsa boma kulengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chakudya cha nkhuku ndi chimanga ndi soya. Thumba la makilogalamu 50 lomwe ndinkagula K28,000 lero ndikuligula K50,000. Mtengo wa mazira wakwera ndithu, koma osafanana ndi chakudya, chifukwa mayi wa pa golosale ku Chinsapo akangomva kuti thireyi yakwera amachepetsa oda yake tsiku lomwelo.

Zonsezi ndikadapirira nazo. Chomwe chandipweteka kwenikweni ndi kuchedwa kwa anapiye. Nkhuku ya mazira imayamba kuikira ikakwana masabata pafupifupi 20, imaikira bwino kwa chaka chimodzi kapena kupitirira pang'ono, kenako imayamba kutopa koma kudya kokha sikusintha. N'chifukwa chake mlimi amalowetsa anapiye atsopano zakale zisanatope, kuti gulu lina likamatha lina likhale likuyamba. Ine ndidalipira anapiye 1,500 kuti ndilandire mu Januwale. Ogulitsa adandiuza kuti akusowa ndalama zakunja, ndipo anapiyewo adafika kumayambiriro kwa Juni. Zotsatira zake n'zakuti lero ndili ndi nkhuku zakale 900 zomwe zikungopereka mathireyi 18 patsiku, ndalama yongokwanira chakudya chawo chomwe, komanso misoti 1,500 yomwe ikudya koma sinayambe kubweza kanthu. Mazira ake ayamba kuoneka pakati pa Okutobala.

Choncho ndikupempha zinthu zinayi:

1. Mu Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala ndizilipira chiwongoladzanja chokha, chomwe mwa kuwerengera kwanga ndi pafupifupi K335,000 pamwezi. Ya Julayi ndilipira K400,000 monga ndachitira miyezi iwiri yapitayi.
2. Ndalama yomwe ndatsalira nayo ikhale mbali ya ngongole yonse, m'malo moifuna pakamodzi.
3. Kuyambira Novembala 2024 mundipatse miyezi 36 yobwezera yotsalayo, kuti pamwezi ndizipereka pafupifupi K550,000.
4. Chindapusa cha kuchedwa muchiimitse kaye pomwe pempholi likuunikidwa.

Ndikudziwa kuti kutalikitsa nthawi kudzandidyera ndalama zambiri pa chiwongoladzanja. Ndawerengera, ndipo ndavomera. Kuli bwino ndilipire zambiri pang'onopang'ono kusiyana n'kulonjeza K760,000 yomwe sindingaipeze, mwezi uliwonse inu n'kumandiimbira foni.

Mufuna kudziwa komwe ndalama zichokere. Nkhuku zakale 900 ndiyamba kuzigulitsa za ndiwo mwezi uno, pa mtengo wa K7,000 imodzi, ndipo ogula a ku msika wa Lizulu ndi ku Kawale tagwirizana nawo kale. Zimenezi zibweretsa K6,300,000, yomwe ithandize pa chakudya cha misoti ndi pa chiwongoladzanja cha miyezi itatu ija. Pomwe papelewere, amuna anga, omwe ndi mphunzitsi wa sekondale, avomera kuwonjezera kuchokera pa malipiro awo, ndipo kalata yawo ndaiphatikiza. Misoti ikafika pachimake ndikuyembekezera mathireyi 40 patsiku. Pa mtengo wa lero wa K6,500, ndikachotsa chakudya, katemera, magetsi, mayendedwe ndi malipiro a anyamata atatu omwe amagwira ntchito kumakola, pazitsala pafupifupi K1,200,000 pamwezi. Manyowa sindidawawerengere m'menemo, ngakhale alimi a madimba amawalimbirana chifukwa cha kudula kwa feteleza. Ndalolanso kuti masitolo awiri omwe amatenga mazira ambiri azilipira mwachindunji ku akaunti yanga ya kubanki yanu, kuti inu muzidula yanu ndisanaigwire.

Ndaphatikiza mapepala awa:

1. Sitetimenti ya akaunti ya miyezi 12 yapitayi
2. Kaundula wa mazira ndi malonda kuyambira Januwale mpaka Juni 2024
3. Malisiti a anapiye, oonetsa tsiku lomwe ndidalipira ndi tsiku lomwe ndidalandira
4. Malisiti a chakudya cha nkhuku a 2023 ndi a 2024
5. Chiyerekezo cha ndalama zolowa ndi zotuluka mpaka Disembala 2025
6. Makalata a masitolo awiri aja, ndi ya amuna anga

Bwana, nyumba yomwe ili pa chikoleyo ndi momwe ndikukhala ndi ana anga pamodzi ndi mayi anga okalamba. Sindidaipereke mwachibwana, ndipo sindikufuna kuti nkhaniyi ifike kwa maloya kapena dzina langa lilembedwe pa mndandanda wa anthu osabweza ngongole, pomwe nkhuku zobwezera zili m'khola, zamoyo, zotemeredwa. Ndikupempha kuti mutume wogwira ntchito wanu wa za ngongole adzaone yekha ku Mpingu, awerenge nkhukuzo ndi kuona mabuku anga. Tsiku lililonse lomwe mungasankhe adzandipeza.

Ngati pali china mwa zinayi zija chomwe malamulo a banki salola, chonde mundiuze chomwe chingatheke kuti tikambirane. Ndingakondwe mutandipatsa mpata wokumana nanu ku ofesi pasanafike pa 25 Julayi, lomwe ndi tsiku lodula ndalama ya mwezi uno. Nambala yanga ya foni ndi yomweyo ili m'mabuku anu.

Ine wanu mwaulemu,

Esnati Chimwala (Mayi)
Mlimi wa nkhuku za mazira, Mpingu